Mafunso ndi mayankho: kutsimikizira malamulo a kuphatikiza ndi kuchulukitsa malimiti pogwiritsa ntchito ε ndi δ

Ophunzira kalikulasi ambiri amayamba kugwiritsa ntchito malamulo a malimiti asanaone umboni wake, ndipo akafika pa umboniwo amapeza kuti wa kuphatikiza umamveka msanga koma wa kuchulukitsa umakhala ngati wagwa kuchokera kumwamba, ndi manambala ngati 2(|M| + 1) amene sadziwika kumene achokera. Mafunso ali m'munsimu akutsata maumboni awiriwa. Pa tsamba lonseli, L ndi limiti ya f(x) ndipo M ndi limiti ya g(x) pamene x akuyandikira a, ndipo L ndi M ndi manambala enieni okhala ndi polekezera. Chitsanzo chathu chikhala chimodzi mpaka kumapeto: f(x) = 2x + 1, g(x) = x², a = 3, zimene zikupereka L = 7 ndi M = 9.

Kodi tanthauzo limene tikuyambirali likunena chiyani kwenikweni?

Tikamati limiti ya f(x) ndi L pamene x akuyandikira a, tikutanthauza izi: pa nambala iliyonse ε yoposa 0, pali nambala δ yoposa 0, yoti x aliyense amene akukwaniritsa 0 < |x − a| < δ akukwaniritsanso |f(x) − L| < ε. Chilembo ε timachitchula kuti epsiloni, ndipo δ ndi delita. Chizindikiro |p − q| chiwerengedwe ngati mtunda wa pakati pa p ndi q pa mzere wa manambala.

Chofunika kuchigwiritsitsa ndi ndondomeko ya amene akuyamba ndi amene akutsatira. Woyamba kubwera ndi ε, ndipo sitimusankha ndife. Timangopatsidwa, ndipo akhoza kuchepa mmene angachepere. Kenako ife timapeza δ, titamuona kale ε. Pomaliza pamabwera x, amene akhoza kukhala paliponse mkati mwa mtunda wa δ kuchokera pa a, kupatula pa a penipeni. Choncho δ ndi wololedwa kudalira ε, a, L ndi M, koma saloledwa kudalira x, pakuti pa nthawi imene tikumusankha x amakhala asanadziwike. Zolakwa zambiri za mu umboni wa kuchulukitsa zimachokera pa kuiwala mfundo yomalizayi.

Kaganizidwe kameneka kanakula pang'onopang'ono: kamaoneka m'zolemba za Bernard Bolzano za mu 1817 ndi za Augustin-Louis Cauchy za mu 1821, ndipo kanakhazikika mmene tikukaphunzitsira lero kudzera m'maphunziro a Karl Weierstrass ku Berlin.

Malamulo awiriwa amaoneka achidziwikire. Tikutsimikizira chiyani?

Lamulo la kuphatikiza limati limiti ya f(x) + g(x) ndi L + M, ndipo la kuchulukitsa limati limiti ya f(x)g(x) ndi LM. Pa chitsanzo chathu ndiye kuti 16 ndi 63. Mawu oti "nambala yapafupi ndi 7 kuchulukitsa ndi nambala yapafupi ndi 9 imapereka nambala yapafupi ndi 63" ndi oona, koma sakuyankha funso limene tanthauzo likufunsa, loti: pafupi motani? Munthu akatipatsa ε = 0.1, tiyenera kunena kuti x ayandikire 3 mpaka pati kuti zotsatira zisachoke pa 63 ndi mtunda wofika 0.1, ndipo tiyenera kukhala ndi njira yoyankhira pa ε wina aliyense. Umboni ndi njira yopangira δ watsopanoyo kuchokera ku ma δ amene f ndi g ali nawo kale.

Umboni wa lamulo la kuphatikiza umayenda bwanji?

Chida chake ndi chimodzi, lamulo la makona atatu, loti |p + q| ≤ |p| + |q| pa manambala alionse p ndi q. Tisanalembe umboni, timayamba tayang'ana chinthu chimene tikufuna kuchichepetsa, n'kuchikonza kuti zimene tikuzidziwa zionekere:

|(f(x) + g(x)) − (L + M)| = |(f(x) − L) + (g(x) − M)| ≤ |f(x) − L| + |g(x) − M|

Kumanja kwatsala mitunda iwiri imene tili ndi mphamvu yoichepetsa mmene tingafunire. Tikufuna kuti ikaphatikizidwa isafike pa ε, choncho uliwonse tiupatse theka.

Umboni wake ndi uwu. Tapatsidwa ε > 0. Popeza limiti ya f ndi L, ndipo ε/2 ndi nambala yoposa 0, pali δ₁ > 0 woti |f(x) − L| < ε/2 nthawi zonse pamene 0 < |x − a| < δ₁. Chimodzimodzinso, pali δ₂ > 0 woti |g(x) − M| < ε/2 nthawi zonse pamene 0 < |x − a| < δ₂. Titenge δ = min(δ₁, δ₂), kutanthauza wamng'ono pa awiriwo. Ngati 0 < |x − a| < δ, ndiye kuti x ali mkati mwa δ₁ komanso mkati mwa δ₂, choncho mfundo zonse ziwiri zikugwira ntchito pa x yemweyo, ndipo

|(f(x) + g(x)) − (L + M)| < ε/2 + ε/2 = ε.

Umboni wathera pamenepo.

N'chifukwa chiyani tikutenga δ wamng'ono osati wamkulu?

Manambala akuonetsa bwino. Titenge ε = 0.1, theka lake 0.05. Pa f, mtunda |2x + 1 − 7| ndi 2|x − 3|, choncho δ₁ = 0.025 akukwanira. Pa g, mtunda |x² − 9| ndi |x − 3||x + 3|. Ngati x sachoka pa 3 ndi mtunda wofika 1, ndiye kuti ali pakati pa 2 ndi 4, ndipo |x + 3| safika pa 7. Choncho δ₂ = 0.05/7 akukwanira, ndipo nambala imeneyi yangopitirira pang'ono 0.007. Tikhoza kutenga δ = 0.007, pakuti kuchepetsa δ amene akugwira kale ntchito sikuwononga kanthu. Tikayesa x = 3.006 tikupeza f = 7.012 ndi g = 9.036036, zophatikiza 16.048036, zimene zili pa mtunda wa 0.048 kuchokera pa 16.

Tsopano tiyese kutenga wamkulu, 0.025. Nambala x = 3.02 ili mkati mwake. Pamenepo f = 7.04, yomwe ikusunga lonjezo lake, koma g = 9.1204, ndipo zophatikiza ndi 16.1604, zimene zachoka pa 16 ndi mtunda woposa 0.1. Lonjezo la g linali la x wa mkati mwa 0.007 basi, ndipo kunja kwake g sanalonjeze kanthu.

Kodi n'zololedwa kuika ε/2 pamalo pa ε? Nanga ndikamaliza ndi 2ε, umboni wanga walakwika?

N'zololedwa, chifukwa tanthauzo limati "pa nambala iliyonse yoposa 0", ndipo ε/2 ndi imodzi mwa manambala amenewo. Chisokonezo chimabwera chifukwa chilembo chimodzi chikugwira ntchito ziwiri. Pali ε amene tapatsidwa pa f + g, amene sitingamusinthe, ndiye palinso mtunda umene ife tikupempha kwa f ndi kwa g, umene tili ndi ufulu wousankha. Pa zimene tapatsidwa kale kuti n'zoona, ndife opempha. Pa zimene tikutsimikizira, ndife oyankha. Wophunzira amene zilembo zikumusokoneza achita bwino kulemba mtunda wopemphawo ndi chilembo china, monga η, n'kunena pambuyo pake kuti η = ε/2.

Kumaliza ndi 2ε si kulakwa kwa maganizo. Ngati mwasonyeza kuti pa η aliyense woposa 0 pali δ amene akupereka mtunda wochepera Kη, pamene K ndi nambala yokhazikika yoposa 0, yosadalira η kapena x, ndiye kuti limiti yatsimikizika, pakuti mukapatsidwa ε mungotenga η = ε/K. Komabe mfundo imeneyi iyenera kulembedwa, osati kungoisiya m'mutu, ndipo ophunzitsa ambiri amafuna kuona ε weniweni pa mzere womaliza kufikira atakhutira kuti wophunzirayo akudziwa chifukwa chake.

Bwanji osangobwereza njira yomweyi ya ε/2 pa kuchulukitsa?

Chifukwa imalephera, ndipo manambala amene tili nawo kale akuchitira umboni. Pa x = 3.006, f ndi g onse ali mkati mwa 0.05 kuchokera pa malimiti awo, koma 7.012 kuchulukitsa ndi 9.036036 ndi pafupifupi 63.36. Mtunda wake kuchokera pa 63 ndi 0.36, kuposa katatu 0.1 amene timafuna.

Kuti muone kumene 0.36 wachokera, ganizirani dimba la makona anayi lotalika mamita 9 ndi mulifupi mwake mamita 7. Woyeza walakwitsa pang'ono mbali zonse ziwiri: pa mbali ya 7 wawonjeza u, pa mbali ya 9 wawonjeza v. Malo owonjezerekawo ali m'zigawo zitatu. Pali kamzere kopyapyala kotalika mamita 9 kamene mulifupi mwake ndi u, pali kena kotalika mamita 7 kamene mulifupi mwake ndi v, ndiye pali kachidutswa ka pa kona ka u ndi v. Mwa zilembo:

(L + u)(M + v) − LM = Mu + Lv + uv

Ndi u = 0.012 ndi v = 0.036, kamzere koyamba ndi 0.108, kachiwiri ndi 0.252, ndipo ka pa kona sikafika ngakhale 0.0005. Apa ndiye pagona nkhani yonse ya umboni wa kuchulukitsa: kulakwitsa kwa f sikulowa m'zotsatira mmene kulili, koma kumayamba kwachulukitsidwa ndi kukula kwa g, ndipo kulakwitsa kwa g kumachulukitsidwa ndi kukula kwa f. Choncho mtunda umene tikupempha kwa f uyenera kugawidwa ndi nambala yokhudza M, ndipo umene tikupempha kwa g ugawidwe ndi nambala yokhudza L. Manambala achilendo a mu umboni amachokera pamenepa.

Nanga umboni wathunthu wa lamulo la kuchulukitsa ndi wotani?

Poyamba timachotsa ndi kubwezera chinthu chimodzi, f(x)M, kuti mitunda iwiri yodziwika ija ituluke:

f(x)g(x) − LM = f(x)g(x) − f(x)M + f(x)M − LM = f(x)(g(x) − M) + M(f(x) − L)

Lamulo la makona atatu likupereka

|f(x)g(x) − LM| ≤ |f(x)||g(x) − M| + |M||f(x) − L|.

Chigawo chachiwiri n'chosavuta, chifukwa |M| ndi nambala yokhazikika. Chigawo choyamba ndicho chovuta, chifukwa |f(x)| amasintha x akasintha, ndipo fankishoni yokhala ndi limiti pa a ikhoza kukula mopanda polekezera kutali ndi a. Tiyenera kuyamba tamumanga |f(x)| pansi pa nambala yokhazikika. Izi timachita pogwiritsa ntchito tanthauzo la limiti kachitatu, ndi mtunda 1.

Tapatsidwa ε > 0. Pali δ₀ > 0 woti |f(x) − L| < 1 pamene 0 < |x − a| < δ₀. Pa x wotere, |f(x)| = |(f(x) − L) + L| ≤ |f(x) − L| + |L| < |L| + 1. Palinso δ₁ > 0 woti |f(x) − L| < ε/(2(|M| + 1)) pamene 0 < |x − a| < δ₁, ndi δ₂ > 0 woti |g(x) − M| < ε/(2(|L| + 1)) pamene 0 < |x − a| < δ₂. Titenge δ = min(δ₀, δ₁, δ₂), amene ndi woposa 0 popeza onse atatu ndi oposa 0.

Tsopano x akhale aliyense wokwaniritsa 0 < |x − a| < δ. Mfundo zitatu zonse zikugwira ntchito pa iye. Chigawo choyamba chikukwaniritsa

|f(x)||g(x) − M| ≤ (|L| + 1)|g(x) − M| < (|L| + 1) · ε/(2(|L| + 1)) = ε/2,

ndipo chachiwiri chikukwaniritsa

|M||f(x) − L| ≤ |M| · ε/(2(|M| + 1)) < ε/2,

pakuti |M|/(|M| + 1) nthawi zonse ndi wochepera 1. Tikaphatikiza ziwirizi tikupeza |f(x)g(x) − LM| < ε, chimene timafuna.

Onani kuti umboni wolembedwa bwino umayenda mobwerera poyerekeza ndi mmene unapezekera. Pa pepala loyeserera timayamba ndi chinthu chofuna kuchepetsedwa n'kufufuza zimene zikufunika. Pa pepala lopereka timayamba ndi ε, kenako δ, kenako x. Amene amangowerenga pepala lachiwiri ndi amene amaona ngati manambala agwa kuchokera kumwamba.

Kodi + 1 wa mu |M| + 1 ndi wa mu |L| + 1 akugwira ntchito yofanana?

Ayi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amaoneka ofanana chonchi, chifukwa ophunzira ambiri amangowaloweza ngati chinthu chimodzi. Wa mu |L| + 1 akuchokera pa kumanga |f(x)|: tinapempha kuti f(x) asachoke pa L ndi mtunda wofika 1, choncho kukula kwake sikungafike |L| + 1. Popanda iye mzerewo ndi wabodza, chifukwa |f(x)| akhoza kuposa |L|, monga 7.012 akuposera 7.

Wa mu |M| + 1 ndi wongotiteteza ku kugawa ndi 0. Ngati M si 0, kupempha ε/(2|M|) kukanakwanira, koma lamuloli liyenera kugwiranso ntchito pamene M = 0, ndipo pamenepo ε/(2|M|) alibe tanthauzo. Mukhoza kugawa umboni pawiri, mbali ya M = 0 ndi mbali ya M wosakhala 0, ndipo palibe cholakwika; kuwonjeza 1 kumangofupikitsa ntchito. Pa chifukwa chomwechi, pa mzere wa |M||f(x) − L| talemba ≤ poyamba osati <, pakuti M akakhala 0 mbali zonse ziwiri ndi 0, ndipo 0 < 0 ndi bodza.

Nambala 1 payokha ilibe chapadera. Mtunda wa 5 kapena wa 0.01 ukanagwira ntchito, bola ukhale wokhazikika ndi woposa 0.

Umboniwu ukupereka δ wanji pa chitsanzo chathu, ndipo kodi ndi δ wabwino koposa?

Titengenso ε = 0.1. Kuti |f(x) − 7| = 2|x − 3| achepere 1, δ₀ = 0.5 akukwanira, ndipo pamenepo |f(x)| < 8. Kwa f tikupempha 0.1/(2 · 10) = 0.005, zimene zikupereka δ₁ = 0.0025. Kwa g tikupempha 0.1/(2 · 8) = 0.00625, ndipo tikagawa ndi 7 monga tinachitira kale tikupeza δ₂ wa pafupifupi 0.00089. Wamng'ono ndi δ₂, choncho titenge δ = 0.0008. Poyesa x = 3.0007 tikupeza f = 7.0014 ndi g = 9.00420049, ndipo zochulukitsa ndi pafupifupi 63.042, pa mtunda wa 0.042 kuchokera pa 63.

Si δ wamkulu koposa amene angagwire ntchito. Pafupi ndi x = 3, fankishoni (2x + 1)x² imasintha pafupifupi ka 60 kuposa mmene x wasinthira, choncho δ akhoza kufika pafupi ndi 0.1/60, amene ndi pafupifupi 0.0017, kuwirikiza kawiri amene tatenga. Izi sizichotsa kanthu pa umboni, chifukwa tanthauzo limangofuna kuti δ akhalepo, silifuna wamkulu koposa.

Wina akhoza kufunsa kuti δ₀ = 0.5 anali ndi ntchito yanji, popeza ndi wamkulu kwambiri kuposa anzake. Pa ε wamng'ono nthawi zambiri sasankhidwa, n'zoona. Koma umboni uyenera kuyankha ε aliyense, ngakhale wamkulu ngati 1000, ndipo pa ε wotero δ₁ akhoza kukula kwambiri moti f(x) n'kudutsa |L| + 1 akadali mkati mwake. Pa ε = 1000, kwa f tikupempha 50, ndipo δ₁ = 25 salepheretsa f(x) kupitirira 8. Ntchito imeneyo ndi ya δ₀.

Ndinalemba kuti |g(x) − M| < ε/(2|f(x)|) ndipo anandichonga kuti ndalakwa. Vuto lili pati?

Ichi ndi cholakwa chofala kwambiri pa umboni uwu, ndipo chimakopa chifukwa |f(x)| amafufutika bwinobwino n'kusiya ε/2. Vuto lake ndi la ndondomeko ija. Mtunda umene mukupempha kwa g uyenera kukhala nambala imodzi yodziwika musanasankhe δ₂, ndipo δ₂ asankhidwe x asanabwere. Mukalemba ε/(2|f(x)|), mtunda wanu ukudalira x, choncho δ₂ nayenso akudalira x: x aliyense ali ndi δ wake, ndipo palibe δ mmodzi amene mwasonyeza kuti akugwira ntchito kwa onse. Pamwamba pa izo, f(x) akhoza kukhala 0.

Njira yoonera kuti kaganizidweka n'kolakwika ndi yoti sikanagwiritse ntchito paliponse mfundo yoti f ali ndi limiti. Kakanakhala koona, kakanatsimikiza kuti f(x)(g(x) − M) amayandikira 0 pa f wina aliyense. Koma tengani a = 0, g(x) = x, M = 0 ndi f(x) = 1/x: pamenepo f(x)(g(x) − M) = 1 pa x aliyense wosakhala 0, ndipo 1 sayandikira 0.

Podzifufuza nokha, werengani umboni wanu kuchokera pamwamba mpaka pa mzere umene mwatchula δ. Ngati m'chilinganizo cha δ, kapena m'mtunda uliwonse umene mwapempha, muli chilembo x, umboniwo wasweka. Kenako funsani ngati mfundo iliyonse imene munapatsidwa yagwira ntchito penapake.

Kodi pali njira ina yotsimikizira lamulo la kuchulukitsa?

Ilipo, ndipo chithunzi cha dimba chija chimapereka imodzi. Tikalemba u = f(x) − L ndi v = g(x) − M, tili ndi |Mu + Lv + uv| ≤ |M||u| + |L||v| + |u||v|. Tipemphe kuti |u| ndi |v| onse achepere η, pamene η saposa 1. Ndiye |u||v| < η² ≤ η, ndipo zonse pamodzi n'zochepera (|M| + |L| + 1)η. Tikasankha η = min(1, ε/(|L| + |M| + 1)), umboni watha. Pa chitsanzo chathu η = 0.1/17. Ineyo ndimaona kuti njira imeneyi ndi yosavuta kukumbukira, chifukwa f ndi g akuchitiridwa mofanana ndipo kugawa ndi 0 sikungachitike. Komabe kumanga kuja sikunathawidwe. Kwabisala mu 1 wa mkati mwa min.

Ngati limiti imodzi kulibe, kodi malamulowa akutiuza chiyani?

Sakutiuza kanthu, ndipo maumboni akuonetsa chifukwa chake: δ₁ ndi δ₂ tinawapeza kuchokera ku malimiti a f ndi g, choncho limiti ikasowa, δ wake amasowanso. Izi sizitanthauza kuti fg alibe limiti, ndipo f + g nayenso akhoza kukhala nayo ngati f ndi g onse awiri alibe. Pa a = 0, mafankishoni 1/x ndi −1/x onse alibe limiti, koma akaphatikizidwa amapereka 0 pa x aliyense wosakhala 0, ndipo limiti yake ndi 0.

Pa kuchulukitsa, msampha ndi kuganiza kuti limiti ya f ikakhala 0 ndiye kuti ya fg ndi 0 ngakhale g akhale wotani. Pa a = 0, x² kuchulukitsa ndi 1/x kumapereka limiti 0, x kuchulukitsa ndi 1/x kumapereka limiti 1, ndipo x kuchulukitsa ndi 1/x² kumapereka 1/x, amene alibe limiti. Zinthu zitatu zosiyana zachokera ku maonekedwe amodzi.

Pali mbali imodzi imene imapulumuka. Ngati limiti ya f ndi 0, ndipo |g(x)| ≤ B pafupi ndi a, pamene B ndi nambala yokhazikika yoposa 0, ndiye kuti limiti ya fg ndi 0 ngakhale g alibe limiti, pakuti kupempha |f(x)| < ε/B kumapereka |f(x)g(x)| < ε. Ndi mmene timadziwira kuti x sin(1/x) amayandikira 0 pamene x akuyandikira 0, ndi B = 1. Wolemba kuti zimenezi zachokera ku lamulo la kuchulukitsa wapeza yankho loona ndi chifukwa cholakwika, popeza sin(1/x) alibe limiti pa 0.

Nanga mafankishoni akakhala oposa awiri?

Akakhala atatu, anayi, kapena n, malamulo onse awiri akugwirabe ntchito. Mukhoza kuwagwiritsa ntchito mobwereza, awiriawiri, kapena pa kuphatikiza mukhoza kupatsa fankishoni iliyonse ε/n n'kutenga wamng'ono pa ma δ onse n. Kuchokera pamenepa, ndi malimiti awiri osavuta, a nambala yokhazikika ndi a x mwiniwake, timapeza kuti limiti ya polinomiyo iliyonse p(x) pa a ndi p(a), popanda kufufuzanso δ pa polinomiyo iliyonse payokha.

Mafankishoni akakhala osatha kuwerengeka, umboni umasweka pa mzere wa min. Manambala oposa 0 owerengeka amakhala ndi wamng'ono amene ndi woposa 0, koma pa mndandanda wosatha ngati 1, 1/2, 1/3 ndi kupitirira, palibe nambala yoposa 0 imene ili pansi pa onse. Ndipo si umboni wokha umene ukulephera. Lamulo lenilenilo likhoza kukhala labodza. Tengani mafankishoni x²/(1 + x²)^k, pa k = 0, 1, 2 mpaka kosatha. Iliyonse payokha ili ndi limiti 0 pamene x akuyandikira 0, choncho malimiti awo akaphatikizidwa ndi 0. Koma pa x wosakhala 0, uwu ndi mndandanda umene chigawo chilichonse chimapezeka pochulukitsa cham'mbuyo ndi 1/(1 + x²), nambala yochepera 1, ndipo zonse zikaphatikizidwa zimapereka x² kugawa ndi 1 − 1/(1 + x²), zimene ndi 1 + x². Limiti ya 1 + x² pamene x akuyandikira 0 ndi 1, osati 0.